Ndalama Zafika ku Banki, Koma Sizinakhale Zanu

M'lipoti la zachuma la bungwe lomwe si laboma mumakhala mzere umodzi umene umadzutsa mafunso pamsonkhano wapachaka. Mamembala a bodi, amene ambiri ndi abusa, aphunzitsi opuma ndi anthu ena odziwika m'dera, amatsegula tsamba losonyeza katundu ndi ngongole za bungwe, n'kupeza kuti pansi pa ngongole palembedwa mamiliyoni ambirimbiri. Wapampando amavula magalasi n'kufunsa kuti, "Kodi takongola kwa yani, ife osadziwa?" Akauntanti amayankha kuti bungwe silinapite kubanki kukabwereka. Ndalamazo ndi thandizo lija linabwera miyezi ingapo yapitayo, limene aliyense analiwombera m'manja.

Mzere umenewu, m'mabuku ndi pakompyuta, umalembedwa kuti Deferred income, kapena Deferred grant income. M'nkhani ino tiziutcha ndalama zodikira ntchito. Aliyense amene amakhala mu bodi ya bungwe, mu komiti ya chitukuko ya mpingo kapena mu gulu lililonse lolandira thandizo ayenera kuumvetsa, chifukwa ndi umene umanena zoona pa funso limodzi lalikulu: pa ndalama zimene zili ku banki lerozi, ndi zingati zimene bungwe lazigwirira kale ntchito, ndipo ndi zingati zimene mwiniwake angathe kuziitanitsa?

Chifukwa chake thandizo limayamba ngati ngongole

Waganyu akalandiriratu malipiro a mizere 100 asanagwire khasu, ndalamayo imakhala m'thumba mwake, koma iye ndi mwini munda onse amadziwa kuti ali ndi ngongole ya ntchito. Akalima mizere 30, malipiro a mizere 30 yokhayo ndi amene asanduka ake. Akathawa ganyu ali pakati, ya mizere 70 ayenera kubweza.

Thandizo lokhala ndi mfundo zoyenera kukwaniritsa limayenda chimodzimodzi. Wopereka thandizo amatumiza ndalama, koma mumgwirizano amalembamo ntchito yoyenera kuchitika, nthawi yoimalizira, ndi mawu akuti zimene sizinagwire ntchitoyo zibwerere kwa iye. Tsiku limene ndalama zalowa mu akaunti, bungwe silinalemere ngakhale ndi tambala imodzi. Chimene lapeza ndi ndalama kumbali imodzi, ndi udindo wolingana ndi ndalamazo kumbali inayo. N'chifukwa chake akauntanti amazilemba kaye ngati ngongole, kenako n'kumazimasula pang'onopang'ono kupita ku ndalama zimene bungwe lapeza, molingana ndi mmene mfundo zija zikukwaniritsidwira.

Mijigo 12 ku Dedza

Tiyerekeze kuti pali bungwe laling'ono la zamadzi m'boma la Dedza. Bungweli ndi manambala ake ndi zongopeka kuti tione mmene zimayendera. Chaka chake cha zachuma chimayamba pa 1 Januwale n'kutha pa 31 Disembala.

Bungweli lasainirana mgwirizano ndi wopereka thandizo kuti likumbe mijigo 12 m'midzi yosankhidwa. Thandizo lonse ndi K120 miliyoni, kutanthauza K10 miliyoni pa mjigo uliwonse. Mgwirizano ukunena zinthu zitatu momveka bwino. Choyamba, mjigo uwerengedwa kuti watha pokhapokha ukutulutsa madzi, madziwo ayezedwa n'kupezeka abwino kumwa, komiti ya mjigo yaphunzitsidwa, ndipo a ofesi ya zamadzi kuboma asaina chikalata chovomereza. Chachiwiri, ntchito yonse ithe pofika pa 31 Ogasiti 2025. Chachitatu, pa mjigo uliwonse umene sunathe pofika tsikulo, bungwe libweze K10 miliyoni.

Ndalama zonse zalowa mu akaunti pa 1 Seputembala 2024. M'kawerengedwe ka chuma chilichonse chimalembedwa mbali ziwiri, ndipo akauntanti alemba motere:

```
Dr  Bank               120,000,000
Cr  Deferred income    120,000,000
```

Mzere woyamba ukunena kuti ku banki kwawonjezeka K120 miliyoni. Wachiwiri ukunena kuti udindo wa bungwe wawonjezekanso ndi K120 miliyoni yomweyo. Pa tsamba losonyeza ndalama zimene bungwe lapeza m'chakacho sipanalembedwe kalikonse.

Kontirakitala wabwera ndi makina ake okumbira kumapeto kwa Seputembala, nthawi yabwino kukumba chifukwa nthaka ndi youma ndipo madzi apansi amakhala atatsika, kotero mjigo wopeza madzi nthawi imeneyi sukhala wouma m'chilimwe. Pofika kumapeto kwa Okutobala, mijigo iwiri yatha: mapaipi alowa, simenti yauma, pampu ya Afridev yaikidwa, zikalata zasainidwa. Apa ndi pamene akauntanti amamasula gawo loyamba:

```
Dr  Deferred income    20,000,000
Cr  Grant income       20,000,000
```

Ngongole ija yatsika kufika pa K100 miliyoni, ndipo bungwe tsopano likhoza kunena kuti lapeza K20 miliyoni. Onani kuti patsikuli palibe ndalama imene yachoka kapena kulowa ku banki. Chimene chasintha ndi umwini. Chimene chapatsa akauntanti mphamvu yolemba zimenezi ndi zikalata ziwiri zosainidwa zija, ndipo ayenera kuzimata kumbuyo kwa vawucha kuti odita akadzabwera adzazipeze.

Mu Novembala mijigo ina iwiri yatha, ndipo K20 miliyoni ina yamasulidwa. Koma pamudzi wachisanu zinthu zavuta. Makina akumba mamita 50, fumbi lokhalokha, madzi osaoneka. Malinga ndi mmene bungwe linagwirizanirana ndi kontirakitala, liyenera kumulipira mamita amene wakumba ngakhale madzi sanapezeke, ndipo yatuluka K4 miliyoni. Kenako mvula yayamba, misewu yakumidzi yasanduka matope, galimoto yonyamula makina siingafikenso. Ntchito yaima mpaka mvula idzathe.

Pa 31 Disembala mabuku akunena chiyani?

Mijigo inayi yatha, ndipo yadya K38 miliyoni. Dzenje louma lija ladya K4 miliyoni. Zonse zimene zatuluka ndi K42 miliyoni, ndipo ku banki kwatsala K78 miliyoni.

Ndalama zimene zamasulidwa ndi K40 miliyoni, za mijigo inayi yovomerezeka. Dzenje louma silimasula kanthu, chifukwa mgwirizano umawerenga mijigo yotulutsa madzi, suwerenga thukuta limene lakhetsedwa. Choncho lipoti la 2024 lionetsa kuti pulojekiti yapeza K40 miliyoni, yagwiritsa ntchito K42 miliyoni, ndipo yaperewera ndi K2 miliyoni. Pansi pa ngongole pakhala K80 miliyoni yodikira mijigo isanu ndi itatu yotsala.

Tsopano ikani manambala awiri pafupi: udindo wa K80 miliyoni, ndi ndalama za ku banki K78 miliyoni. Kusiyana kwa K2 miliyoni kumeneko ndi uthenga wofunika kwambiri m'lipoti lonselo. Kukuuza bodi kuti wopereka thandizo atati athetse mgwirizano mawa lino, bungwe liyenera kukasaka K2 miliyoni kwina kuti libweze zonse. Kukuuzanso oyendetsa ntchito kuti mijigo yotsalayo sangaiwerengere K10 miliyoni uliwonse, chifukwa ndalama zake zilipo ndi K9.75 miliyoni pa umodzi. Bodi yodziwa zimenezi mu Januwale ili ndi miyezi inayi yokambirana ndi kontirakitala, yoitanitsa katswiri woyeza malo asanakumbe, kapena yopempha wopereka thandizo kuti aganizirepo za dzenje loumalo.

Tsopano tione mmene zikanakhalira akauntanti akanalemba K120 miliyoni yonse ngati ndalama zopezedwa tsiku limene inafika. Lipoti la 2024 likanaonetsa kuti bungwe latsala ndi K78 miliyoni yapamwamba. Bodi ikanasangalala. Wina akanabweretsa ganizo lokweza malipiro, wina lokonza denga la ofesi. Opereka thandizo ena, poona lipotilo, akanaganiza kuti bungweli lili ndi nkhokwe yodzaza ndipo silifunika kuthandizidwa msanga. Kuperewera kwa K2 miliyoni kuja sikukanaoneka paliponse, kukanamira m'chiwerengero chachikulucho.

Chaka chachiwiri ndi kutseka kwa pulojekiti

Makina abwerera mu Meyi 2025. Pofika pa 31 Ogasiti mijigo isanu ndi iwiri yatha ndi kuvomerezedwa, ndipo yadya K69 miliyoni chifukwa mafuta ndi simenti zakwera mtengo. Akauntanti wamasula K70 miliyoni, mwezi ndi mwezi mmene zikalata zimabwerera. Mjigo umodzi sunayambidwe n'komwe, chifukwa mabanja awiri akukanganirana malo amene unayenera kukhala.

Pa mzere wa ndalama zodikira ntchito patsala K10 miliyoni. Apa pali njira ziwiri. Ngati bungwe linalemba kalata tsiku lisanakwane, ndipo wopereka thandizo wayankha molemba kuti wawonjezera nthawi mpaka Disembala, ndalamayo ikhalabe pomwepo kudikira mjigo womaliza. Lonjezo lapakamwa kapena la pafoni silikwanira, chifukwa odita adzafuna kuona kalatayo. Ngati nthawi sinawonjezedwe, K10 miliyoni siikudikiranso ntchito iliyonse. Yasanduka ngongole yeniyeni yoti ilipidwe, ndipo imasamutsidwa:

```
Dr  Deferred income     10,000,000
Cr  Payable to donor    10,000,000
```

Ku banki kwatsala K9 miliyoni, chifukwa pa K78 miliyoni ija pachoka K69 miliyoni. Kuti libweze K10 miliyoni, bungwe liyenera kuwonjezera K1 miliyoni kuchokera m'thumba lake, kaya ndi zopereka za mamembala kapena ndalama zina zopanda mfundo. Pa zaka ziwirizi, pulojekiti yapeza K110 miliyoni ndipo yagwiritsa ntchito K111 miliyoni. Mabuku olembedwa bwino aonetsa kuperewera kwa K2 miliyoni chaka choyamba ndi kutsala kwa K1 miliyoni chaka chachiwiri, ndipo aliyense wowerenga akhoza kuona kumene vuto linayambira.

Mabuku olembedwa molakwika aja, amene anaonetsa K78 miliyoni yapamwamba mu 2024, mu 2025 akanaonetsa kutayika kwa K79 miliyoni: K69 miliyoni ya mijigo ndi K10 miliyoni yobweza, popanda ndalama yolowa ngakhale imodzi. Mukaphatikiza zaka ziwirizo yankho ndi lomwelo, K1 miliyoni yoperewera. Koma chaka chilichonse pachokha chanena bodza, ndipo bodi imapanga ziganizo chaka ndi chaka. Atolankhani kapena mamembala poona K79 miliyoni yotayika amayamba kufunsa kuti waba ndani, pamene palibe amene waba.

Mgwirizano ukamawerenga malisiti m'malo mwa mijigo

Mapangano ambiri a thandizo m'Malawi muno salipira pa chinthu chilichonse chomalizidwa. Amapereka bajeti yovomerezeka, n'kunena kuti ndalama zigwiritsidwe ntchito motsatira bajetiyo m'nyengo yakutiyakuti, ndipo zotsala zibwezedwe. Pamgwirizano wotere chimene chimamasula ndalama ndi kugula kapena kulipira kovomerezeka. Bungwe likagwiritsa ntchito K7 miliyoni mwezi uno pa zinthu za mu bajeti, limamasula K7 miliyoni yomweyo.

Bungwe lathu la ku Dedza likanakhala pamgwirizano wotere, ndipo bajeti ikanakhala ndi mzere wa maenje ouma, pa 31 Disembala 2024 likanamasula K42 miliyoni yonse. Zopeza ndi zogwiritsa ntchito zikanafanana, ndipo udindo wotsala ukanakhala K78 miliyoni, ndendende ndi za ku banki. Ntchito ndi yomweyo, midzi ndi yomweyo, koma mabuku asiyana chifukwa mawu a mumgwirizano asiyana. Akauntanti amene sanawerenge mgwirizano tsamba ndi tsamba sangadziwe tsiku lomasula ndalama.

Msampha wa njira imeneyi uli pa mawu akuti kovomerezeka. Tinene kuti m'chakacho bungwe linapereka K1.2 miliyoni ya maalawansi pa maphunziro a makomiti, koma mapepala osainira anthu amene analandira asowa. Kapena linagula matayala a galimoto patatha sabata mgwirizano utatha. Ndalama zinatulukadi, koma wopereka thandizo akazikana, ndiye kuti mfundo yake sinakwaniritsidwe. Zimene zinamasulidwa ziyenera kubwerera ku ngongole, ndipo bungwe lilipira ndi ndalama zake. Chinanso chimene chimasokoneza ambiri ndi ndalama zopatsiratu kontirakitala kapena wogwira ntchito amene akupita kumidzi. Kuchoka kwa ndalama ku banki si umboni woti ntchito yachitika. Mpaka wantchitoyo atabwera ndi malisiti, kapena kontirakitala atapereka ntchito yake, ndalamayo ndi ngongole imene iwo ali nayo ku bungwe, ndipo palibe chomasula.

Si thandizo lililonse limene limadikira

Pali kulakwitsa kwina kopita mbali inayo. Mabungwe ena amaika thandizo lililonse pa ndalama zodikira ntchito, ngakhale lopanda mfundo yobweza, chifukwa safuna kuoneka olemera. Kumeneku ndi kubisa chuma.

Kusiyana kwake kuli apa. Wopereka thandizo akanena kuti, "Nayi K5 miliyoni, muigwiritse ntchito pa nkhani za madzi ku Dedza," osaika chiwerengero choti chikwaniritsidwe kapena tsiku lobwezera, ndiye kuti wangoika malire a kagwiritsidwe ntchito. Ndalamayo ndi ya bungwe kuyambira tsiku limenelo, ngakhale kuti silingaigulire mabuku a sukulu. Imalembedwa ngati yopezedwa nthawi yomweyo, ndipo yotsala pakutha pa chaka imaonetsedwa m'thumba lapadera la ntchito ya madzi. Koma akanena kuti, "Mukapanda kuchita chakuti pofika tsiku lakuti, mubweze," waika mfundo imene imagwira umwini wa ndalamayo.

Malamulo a kawerengedwe ka chuma m'maiko osiyanasiyana amayesa kujambula mzere umenewu. Ku America, lamulo la mabungwe osachita malonda linakonzedwanso mu 2018, ndipo limafuna zinthu ziwiri pamodzi kuti thandizo litchedwe la mfundo: pakhale chotchinga chenicheni choti bungwe lidutse, komanso pakhale ufulu wa woperekayo woitanitsa ndalama zake kapena woleka kutumiza zotsala. Lamulo lomwelo limanena kuti zofuna wamba za muofesi, monga kutumiza lipoti pakutha pa chaka, si chotchinga. Ku Britain, malangizo a mabungwe achifundo otchedwa Charities SORP amasiyanitsanso malire a kagwiritsidwe ntchito ndi mfundo za ntchito yoyenera kuchitika, ndipo salola bungwe kuchedwetsa kulemba thandizo chifukwa chongoti silinayambe kuligwiritsa ntchito.

Kwathu kuno maakauntanti ambiri a mabungwe amabwereka nzeru ku malamulo apadziko lonse amene analembedwera makampani olandira thandizo la boma. Gawo 24 la IFRS for SMEs limati thandizo lokhala ndi mfundo za ntchito yam'tsogolo lilembedwe ngati lopezedwa pokhapokha mfundozo zakwaniritsidwa, ndipo lolandiridwa nthawiyo isanakwane likhale ngongole. Lamulo la IAS 20 limayendera ganizo lofananitsa thandizo ndi ndalama zimene likulipirira. Pansi pa lamuloli, galimoto ya K60 miliyoni yogulidwa ndi thandizo, imene ikuyembekezeka kugwira ntchito zaka zisanu, ikhoza kumamasula K12 miliyoni chaka chilichonse mmene mtengo wake ukutsikira m'mabuku. Mabungwe achifundo a ku Britain saloledwa kuchita zimenezi. Choncho malipoti awiri oona akhoza kusiyana, ndipo wowerenga ayang'ane tsamba la ndondomeko za kawerengedwe, kumene bungwe liyenera kunena njira imene latsata, n'kuitsata chaka chilichonse osasinthasintha.

Zizindikiro zoti zinthu sizili bwino

Vuto lofala kwambiri si la kalembedwe koma la njala ya ndalama. Malipiro a mwezi akwana, thandizo la pulojekiti ina lachedwa, ndipo mu akaunti ya mijigo muli mamiliyoni ongokhala. Mkulu wa bungwe amati, "Tibwerekeko kaye, zikabwera zinazo tibweza." Mwezi wotsatira abwerekanso. Ngati mabuku akulembedwa bwino, kubwereka kotere sikubisika, chifukwa malipiro a antchito a pulojekiti ina samasula ndalama za mijigo. Udindo umakhalabe pa K80 miliyoni pamene za ku banki zikutsika kufika pa K60 miliyoni. Membala wa bodi amene sanaphunzirepo za kawerengedwe akhoza kugwira vutoli ndi funso limodzi: "Ndalama zodikira ntchito ndi zingati, ndipo sitetimenti ya banki ya pulojekitiyo ikuti zingati?" Kusiyana kulikonse kuyenera kukhala ndi tsatanetsatane wake, monga dzenje louma lija kapena ndalama zimene zili m'manja mwa kontirakitala.

Chizindikiro chachiwiri ndi nambala yosasuntha. Mukaona K14 miliyoni yomweyo pa mzere wa ndalama zodikira ntchito zaka zitatu zotsatizana, pulojekiti yake inatsekedwa kale, dziwani kuti pali chimodzi mwa ziwiri. Mwina ntchito inachitika koma akauntanti anaiwala kumasula, kotero malipoti a zaka zapitazo anaonetsa kuperewera kumene kunalibe. Mwina ntchito sinachitike, ndipo bungwe likusunga ndalama za eni zimene linayenera kubweza kalekale. Zonse ziwiri zimakonzeka potsegula mgwirizano wakalewo ndi kulembera wopereka thandizo.

Chachitatu ndi nambala yotsika kupitirira ziro. Zimachitika bungwe likagwira ntchito yoposa ndalama zimene lalandira. Ngati mgwirizano ukuti gawo lina la ndalama likubwera, ndipo ntchito yachitikayo ndi yovomerezeka, kusiyanako ndi ngongole imene wopereka thandizo ali nayo ku bungwe, ndipo kuyenera kuonetsedwa padera ngati ndalama zoyembekezeka. Ngati palibe gawo lina likubwera, bungwe langodutsa bajeti ndipo lidzilipirira lokha. Choipa ndi kuphatikiza mapulojekiti onse pa nambala imodzi, kuti kuperewera kwa pulojekiti ina kubisale m'zotsala za inzake. Thandizo lililonse likhale ndi tebulo lake: zimene zinalipo poyamba chaka, zimene zalandiridwa, zimene zamasulidwa, zimene zabwezedwa, ndi zotsala.

Palinso nkhani ya ndalama zakunja, imene mabungwe a m'Malawi anaimva kuwawa kwake mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa ndalama pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Bungwe limene linasintha madola ake onse kukhala makwacha, koma mgwirizano wake ukunena kuti zotsala zibwezedwe m'madola, linaona ngongole yake ikukula usiku umodzi. Madola 10,000 oyenera kubwezedwa, amene m'mabuku anali K11.8 miliyoni, anafuna K17 miliyoni kuti agulidwe. Ndi chifukwa chake mzere wonena za ndalama imene idzagwiritsidwe ntchito pobweza uyenera kuwerengedwa mgwirizano usanasainidwe.

Ntchito imayambira patebulo losainira

Mabungwe omwe si aboma m'dziko muno amayenera kupereka chaka chilichonse malipoti a zachuma oyesedwa ndi odita ku bungwe lowayang'anira la NGORA. Odita akafika, pa nkhani ya thandizo amapempha zinthu zodziwika: mgwirizano wosainidwa ndi makalata onse ousintha, masitetimenti a banki, tebulo la thandizo lililonse, ndi umboni wa chilichonse chimene chinamasulidwa. Nthawi zambiri amalemberanso wopereka thandizo kuti atsimikize zimene anatumiza. Bungwe limene limadikira odita kuti adzawerengere ndalama zodikira ntchito kamodzi pachaka limakhala miyezi 12 likuyendetsedwa ndi manambala olakwika.

Njira yabwino ndi yakuti akauntanti aone mgwirizano mkulu wa bungwe asanasaine, ndipo onse awiri alembe patsamba limodzi mayankho a mafunso anayi. Kodi n'chiyani kwenikweni chimene chidzapangitse ndalamazi kukhala zathu, mjigo womalizidwa kapena lisiti lovomerezeka? Umboni wake ndi pepala liti, ndipo adzasaina ndani? Tsiku lomaliza ndi liti? Zotsala zidzabwezedwa motani, ndipo m'ndalama ya dziko liti? Tsamba limeneli lipite kwa woyang'anira ntchito kumidzi, chifukwa iye ndi amene amabweretsa zikalata zomasula ndalama, ndipo kuchedwa kwake kumachedwetsa mabuku onse. Lipitenso kwa msungichuma wa bodi, amene mwezi uliwonse ayenera kulandira manambala atatu a thandizo lililonse: zimene zamasulidwa, udindo wotsala, ndi zimene zili ku banki. Bodi ikamafunsa manambala atatuwa mosadumphitsa, vuto la K2 miliyoni limagwidwa likadali la K2 miliyoni, nthawi yolikonza ilipobe.